Matayala anayi omwe ndinataya chifukwa cha mutu wa imelo

Lachinayi pa 2 Novembala 2023, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, ndinatumiza imelo kwa abwana anga. Ndimagwira ntchito yogula katundu ndi kuyang'anira magalimoto pa bungwe lina laling'ono mu Lilongwe, ndipo tsikulo ndinali nditamaliza kusonkhanitsa makotesheni atatu a matayala. Magalimoto athu atatu oyenda kumidzi anali ndi matayala osalala ngati chikhatho, mvula ili pafupi, ndipo amene anayendapo m'misewu yafumbi ya ku Ntchisi mwezi wa Januwale amadziwa kuti tayala lotero silikwera chitunda. Wogulitsa amene anatchipa anatipatsa tayala limodzi pa K310,000. Matayala 12 anakwana K3,720,000, ndalama yomwe inalimo mu bajeti, ndipo pansi pa kotesheniyo panalembedwa kuti mtengowo ukhala kwa masiku 7 okha.

Imeloyo ndinailemba mosamala. Ndinayamba ndi moni, ndinafotokoza za magalimoto, ndinayerekeza mitengo ya ogulitsa atatuwo, ndinamata mapepala onse, kenako kumapeto kwa ndime yachinayi ndinapempha chilolezo choti tigule. M'kabokosi ka pamwamba, kamene pamalembedwa kuti Subject, ndinaikamo liwu limodzi: "Quotation". Ndinatumiza, ndinatseka laputopu, mtima uli m'malo kuti mbali yanga ndachita.

Abwana anali ku msonkhano ku Mangochi mpaka Lachiwiri la sabata yotsatira. Lolemba ndinaganizapo zowaimbira foni koma ndinazengereza, poti munthu ali ndi akuluakulu kumeneko, ine ndani kuti ndimusokoneze ndi nkhani ya matayala. Lachitatu anabwera mu ofesi koma anangolowa m'chipinda cha misonkhano n'kutulukamo dzuwa litapendeka. Lachinayi pa 9 Novembala tinadzuka ndi nkhani yoti Banki Yaikulu yachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Matayala ndi katundu wochokera kunja. Nditaimbira wogulitsa uja, anandiuza kuti wayamba waima kaye kugulitsa. Lolemba lotsatira anatumiza kotesheni yatsopano: K445,000 tayala limodzi. Ndalama yathu ija inakwana matayala 8 basi. Galimoto yachitatu inalowa m'dzinja ndi matayala ake akale, ndipo inakhala pabwalo la ofesi mpaka Febuluwale.

Nditapita kukawafotokozera abwana, ndinapita ndi umboni m'manja. Ndinali nditasindikiza imelo ija, tsiku ndi nthawi zikuoneka bwinobwino, kuti aone okha kuti vuto silinali langa. Anawerenga pepalalo mpaka pansi osanena kanthu. Kenako anatulutsa foni m'thumba la jekete, n'kundiitana kuti ndizungulire tebulo ndiime pambali pawo.

"Tabwerani kuno achimwene. Pezani imelo yanu."

Foniyo inali ndi galasi losweka pakona, ndipo pa kachizindikiro ka maimelo panali nambala yofiira, 214. Anayamba kuseweretsa chala chachikulu, mndandanda ukuyenda. Ndinawerenga mitu imene inkadutsa: "Request". "Follow up". "Hello". "RE: RE: FW: Meeting". "URGENT". "Request" winanso. "Kindly assist". Wina analibe mutu n'komwe. Yanga ndinaipeza patapita kanthawi, itapanikizika pakati pa uthenga wa ku hotela ndi wa munthu wofuna ntchito, ndipo pansi pa liwu lija la "Quotation" pankaoneka kamzere kotuwa koyamba imeloyo, kamene kankangoti ndikukhulupirira kuti ali bwino.

"Ndinaiona," anatero abwana. "Lachisanu, nthawi ya tiyi. Ndinaganiza kuti mukungondidziwitsa kuti makotesheni abwera. Mukanandiuza kuti mukufuna yankho langa pofika tsiku lakuti, ndikanayankha pomwepo, poti ndi liwu limodzi. Koma ine kumeneko ndimakhala ndi mphindi khumi, mbale ili kudzanja lino foni kudzanja linali. Ndimatsegula zimene zandiuza kuti ndizitsegule."

Sanandikalipire. Mwina zikanakhala bwino akanatero, chifukwa ndikanapeza chokwiyira. Ndinabwerera pa desiki yanga ndi pepala langa la umboni, n'kulipinda kanayi.

Chimene ndinaona pa foniyo ndi chimene ndikufuna anzanga a m'maofesi achimvetse, chifukwa ambiri timalemba imelo pa kompyuta yagalasi lalikulu, tili pampando, n'kumaganiza kuti wolandirayo aiwerenganso chimodzimodzi. Ayi. Munthu wotanganidwa sawerenga maimelo, amasankha maimelo. Amayendetsa chala, ndipo pa imelo iliyonse amaona zinthu zitatu: dzina la wotumiza, mutu, ndi kamzere koyamba. Pa zitatuzo amagamula kuti iyi nditsegule pano, iyi madzulo, iyi ndidzaiona. Ndipo "ndidzaiona" uja ndi manda, chifukwa mawa lake pamwamba pake pamakhala pataunjikana ena makumi asanu.

Usiku womwewo ndinadzitumizira ndekha imelo ya mutu wautali n'kuitsegula pa foni yanga, kuti ndiwerenge zilembo zimene zikuoneka mutuwo usanadulidwe ndi timadontho titatu. Ndinapeza 35, kuwerengera ndi mipata yomwe. Pa foni ya mnzanga wa ku akaunti zinali 40, pa ya mayi wina wachikulire amene anakulitsa zilembo chifukwa cha maso zinali zosakwana 30. Pa kompyuta zimaoneka zambiri, mwina 60 kapena kuposa, malinga ndi mmene munthu watambasulira zenera. Yesani pa foni yanu, sizitenga mphindi ziwiri. Mudzaona kuti malo amene muli nawo ndi a mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo m'malo ochepawo muyenera kulowa zinthu zitatu: chimene mukufuna kuti munthuyo achite, tsiku lomaliza kuchichita, ndi nkhani yake.

Ku ofesi kwathu maimelo timalemba m'Chingerezi, choncho mitu ndiionetsa monga mmene imalembedwera. Wa matayala uja unayenera kukhala wotere: "Approve by Tue 7 Nov: 12 tyres, K3.72m". Zilembo 38. Munthu wa mbale kudzanja akauona akudziwa kuti akupemphedwa kuvomereza, kuti ali ndi mpaka Lachiwiri, kuti ndi matayala, komanso kuti ndalama yake ndi ya msinkhu wotani. Akhoza kuyankha kuti gulani asanatsegule n'komwe mapepala omatidwa, ngati amakukhulupirirani.

Onani tsikulo. Kotesheni inkatha pa 9, koma ndaika pa 7. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ngakhale atayamba kuika masiku pa mitu yawo: amalemba tsiku limene chinthu chikutha, osati tsiku limene abwana ayenera kuyankha. Kwathu chilolezo chikabwera, a ku akaunti amafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti alembe LPO, kalata yoitanitsira katundu, isainidwe ndi anthu awiri, ipite kwa wogulitsa. Abwana akavomereza pa 9 madzulo, atsatira zimene mwawauza, koma katundu wapita. Ndiye muziwerengera chobwerera m'mbuyo. Yambani pa tsiku limene mwayi ukutsekeka, chotsani masiku a aliyense amene pepalalo lidzadutse m'manja mwake abwana atavomereza, chotsaninso Loweruka ndi Lamulungu ngati zili pakati. Lotsalalo ndiye tsiku la pa mutu.

Ndipo lilembeni tsikulo ndi dzina lake. Mawu oti lero, mawa, kapena sabata ino amavunda msanga. Imelo yolembedwa Lachinayi yonena kuti mawa ikawerengedwa Lolemba, wowerengayo ayenera kuyang'ana kaye kuti inatumizidwa liti, ndipo ambiri sayang'ana. Manambala okhaokha nawonso amasokoneza. Tili ndi anzathu a ku America amene amatithandiza ndi ndalama, ndipo kwa iwo 7/11 ndi pa 11 Julayi, pomwe kwa ife ndi pa 7 Novembala. Mwezi ulembedwe ndi zilembo, zitatu zokha zikukwanira.

Kulemba kotere sikunandibwerere mosavuta, ndipo chimene chinandivuta si Chingerezi. Ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba ndi pempho. Umagwada kaye, umafunsa za kunyumba, nkhani n'kubwera pambuyo. Kuyamba mutu ndi liwu loti "Approve", kenako n'kumupatsa bwana wako tsiku, ndinkaona ngati ndikutuma bambo anga kukatunga madzi. Kangapo konse ndinalemba mutu wotero n'kuufufuta, n'kubwezerapo "Kind request".

Anandimasula ndi mayi amene akhala mlembi wa ofesi yathu kuyambira ine ndisanalembedwe ntchito. Tsiku lina anandipeza ndikulimbana ndi mutu umodzi, n'kuima kumbuyo kwanga kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwana wanga, pa emvulopu mumalembapo moni?"

"Ayi mayi."

"Moni amakhala m'kati mwa kalata. Pa emvulopu pamakhala zoti kalata ifike. Ameneyo ndi emvulopu. Ulemu wanu ikani m'katimo, abwana aupeza akatsegula. Akapanda kutsegula, mwalemekeza ndani?"

Kuyambira pamenepo ndimapanga choncho. Mutu umakhala wouma, wachindunji. M'kati ndimayamba ndi kuwatchula mwaulemu, kenako chiganizo choyamba chimakhala pempho lenilenilo, poti kamzere koyambako kamaoneka pa foni pansi pa mutu ndipo ndi malo aulere amene kale ndinkawawononga ndi mafunso a moyo. Kwa abwana amene ndikuwadziwa kuti mawu olamula amawakhumudwitsa, ndimasintha pang'ono n'kulemba "For approval by Tue 7 Nov". Zilembo zochepa zawonjezeka, mtima wa munthu wakhala pansi, uthenga ndi womwewo. Chimene sindichitanso ndi kuyamba mutu ndi mawu opepesa kapena ochonderera, chifukwa amadya theka la malo n'kukankhira tsiku ndi ndalama kuseri kwa timadontho tija.

Ndikuonetseni mmene mutu umodzi unasinthira m'manja mwanga, kuti muone pamene mpeni umadula. Mu Januwale 2024 tinali ndi ulendo wa ku Ntchisi, magalimoto awiri, sabata yathunthu, kunyamuka Lolemba m'mawa. Tinkafuna malita 150 a dizilo, ndipo pa mtengo wa nthawiyo wa K2,734 pa lita zinakwana K410,100. Ndalama inayenera kuikidwa pa makhadi a mafuta Lachisanu, ndipo a ku akaunti anandiuza kuti pempho likafika kwa iwo itadutsa 12 koloko, lidikira Lolemba. Abwana anali ku Blantyre.

Dzanja langa, mwachizolowezi, linalemba kuti "Request for approval of fuel for the field visit to Ntchisi scheduled for next week". Chiganizo chabwino, aphunzitsi anga a ku sekondale akanachichonga. Koma pa foni chikanaoneka mpaka pa "Request for approval of fuel for th" basi. Palibe ndalama, palibe malo, palibe tsiku, ndipo tsiku lokhalo limene lilimo, la sabata yamawa, ndi la ulendo, limene likuuza abwana kuti nthawi ilipo yambiri pomwe kulibe. Ndinafufuta mawu onse ongolumikiza. Ndinachotsa "Request for", poti imelo iliyonse yochokera kwa ine kupita kwa iwo ndi pempho kale. Ndinatenga nthawi ya a ku akaunti, 12 koloko, n'kubwerera m'mbuyo maola awiri kuti ndikhale ndi mpata woimba foni ngati yankho silibwera. Unatsala uwu: "Approve by Fri 10am: fuel K410,100, Ntchisi trip". Zilembo 35 zoyambirira zikuthera pa ndalama. Ntchisi ikadulidwa palibe chaonongeka, aipeza m'kati.

Ndinatumiza Lachitatu nthawi ya 7:20 m'mawa, podziwa kuti abwana amayang'ana foni asanalowe mu msonkhano woyamba. Yankho linabwera 7:41, mawu awiri ovomereza, ndi kamzere kaja ka pansi kosonyeza kuti atumiza pa foni.

Zoika ndalama pa mutuzi ena amazitsutsa, amati kuika nambala pa mutu kumaopseza bwana. Ine ndaona zosiyana. Bwana amene sakudziwa kukula kwa ndalama amaganiza zoipitsitsa, n'kusunga imeloyo kuti adzaione ali pa kompyuta, atakhazikika. Akaona kuti ndi K410,100 ya mafuta a ulendo umene akuudziwa kale, amayankha ali chiimire. Akaona kuti ndi mamiliyoni makumi awiri, amadziwa kuti afunika kupatula nthawi, ndipo amaipatula msanga. Mbali zonse ziwiri nambala yakuthandizani. Koma pali nambala ndi mawu zimene sizikwera pa mutu: malipiro a munthu, dzina la wantchito amene akuimbidwa mlandu, matenda a wina. Mutu umatulukira pa galasi la foni ngakhale ili yokiya, ili patebulo pakati pa anthu, ndipo ndinaonapo ndi maso anga uthenga ukudumphira pakona pa chinsalu mu msonkhano, laputopu ya abwana italumikizidwa ku pulojekita, anthu khumi ndi awiri akuwerenga. Nkhani zotero mutu wake uzingonena kuti ndi yachinsinsi ya ogwira ntchito ndi tsiku lofunika yankho, zina zonse m'kati.

Mawu oyambira amene ndimagwiritsa ntchito ndi ochepa, ndipo sindiwasinthasintha, kuti diso la abwana liwazolowere. "Approve" ndi pamene ndikufuna inde kapena ayi. "Sign" ndi pamene pepala likudikira cholembera chawo, ndipo ndimatchula pamene pepalalo lili. "Decide" ndi pamene pali njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri ndimaziika pa mutu pomwepo ngati zikukwana, monga kukonza injini kapena kugula ina. Liwu lachinayi ndi "FYI", kutanthauza kuti ingodziwani, palibe chochita. Lomalizali anthu amalipeputsa, koma ndi limene limapatsa mphamvu atatu enawo. Munthu amene amakuuza moona kuti iyi musavutike nayo, ukamuona walemba kuti vomerezani pofika Lachisanu umamukhulupirira.

Ndinaphunzira zimenezi nditapsa kachiwiri. Nditaona kuti mitu ya masiku ikuyankhidwa msanga, ndinaledzera nayo. Chilichonse ndinkachipatsa tsiku lapafupi, ngakhale mapepala a fotokope amene akanatha kudikira sabata ziwiri, ndipo penapake ndinayamba kuwonjezera "URGENT" ndi kukanikiza kabatani ka High Importance mu Outlook, kamene kamaika chizindikiro chofiira pambali pa imelo. Tsiku lina abwana anatuluka mu msonkhano wa bodi kudzasaina pepala limene ndinati likufunika 2 koloko isanakwane. Mawa lake analipeza likadali mu thireyi yanga. Anangolinyamula, kuliyang'ana, n'kulibwezera. Kwa mwezi wathunthu mayankho awo anabwerera pa liwiro lakale, ndipo ndinachita kuyambiranso. Tsiku la pa mutu liyenera kukhala loona, ndipo chiganizo choyamba kapena chachiwiri cha imelo chinene chifukwa chake: kotesheni ikutha, a ku akaunti amatseka nthawi yakuti, galimoto inyamuka m'mawa. Ngati simungathe kulemba chifukwacho, ndiye kuti tsikulo mwalipeka.

Liwu la "URGENT" ndinalisiyiratu. Silinena kuti mwachangu motani, ola limodzi kapena masiku atatu, ndipo pa foni ya abwana ija linalipo kale kasanu, kuchokera kwa anthu asanu amene aliyense nkhani yake inali yoyaka kwa iye yekha. Palinso china: mauthenga a akuba a pa intaneti, aja onamizira kuti ndi a bwana kapena a wogulitsa amene wasintha akaunti ya ku banki, amakonda mawu omwewo a changu ndi malipiro, zilembo zikuluzikulu ndi zizindikiro zofuula. Anthu a m'maofesi anachenjezedwa kuti aziwakayikira. Bwanji uvale malaya ofanana ndi a mbala?

Pali msampha wina umene ndi wa ulesi chabe, ndipo tonse tinagwamo. Ukafuna kulembera abwana, m'malo moyamba imelo yatsopano, umasaka yakale imene anakutumizira, n'kukanikiza Reply. Ndiye pempho la inshuwalansi ya galimoto imene ikutha mawa limapita litavala mutu woti "RE: Staff meeting minutes". Abwana akauona akuti nkhani ya msonkhano ija inatha kale, n'kudutsa. Choipa china n'chakuti Gmail ndi Outlook zimasonkhanitsa maimelo a nkhani imodzi pamalo amodzi, ndiye pempho lanu limakakwiririka pansi pa mayankho a anthu ena. Nkhani yatsopano, imelo yatsopano. Ngati kukambirana kwasintha njira pakati, mwachitsanzo munayamba ndi kufunsa mitengo koma tsopano pakufunika chilolezo, sinthani mutu. Mu Gmail, mukakanikiza Reply pali kamuvi kumanzere kwa dzina la wolandira, m'menemo muli Edit subject, ndipo imeloyo imatuluka ngati nkhani yoima payokha. Mu Outlook mumangofufuta mutu wakale pa yankho lanu n'kulemba wina. Chimodzimodzi potumiza imelo ya munthu wina kwa abwana: musasiye "FW:" ndi mutu wa mwini wake, poti iye analembera inu, osati iwo.

Ndi chifukwa chomwecho sindiikanso mapempho awiri mu imelo imodzi. Ndinayesapo kuphatikiza mafuta, matayala ndi tchuthi cha dalaivala pansi pa mutu umodzi wa nkhani za magalimoto, ndikuganiza kuti ndikuwapeputsira ntchito. Yankho linabwera loti chabwino. Chabwino chiti? Ndinachita kuimba foni, ndipo zinapezeka kuti anawerenga choyamba chokha. Ngati mukulephera kupeza mutu umodzi wokwana zonse zimene mwalemba, vuto si mutu. Muli ndi maimelo awiri kapena atatu amene mwawathira m'thumba limodzi. N'chifukwa chake masiku ano mutu ndimaulemba pomalizira, thupi la imelo litatha, ndipo nthawi zina pofuna kuulemba m'pamene ndimazindikira kuti ine mwini sindikudziwa chimene ndikupempha.

Phindu lina ndinalipeza mochedwa, nthawi ya odita. Anafuna umboni woti mafuta a ulendo wa ku Ntchisi anavomerezedwa ndalama isanatuluke. Ndinalemba m'kabokosi kosakira mawu awa:

```
subject:Ntchisi
```

Imelo inatuluka pomwepo, chilolezo, ndalama ndi tsiku zonse zili pa mzere umodzi. Mnzanga amene maimelo ake onse mutu wake ndi "Request" anakhala masana onse akutsegula imodziimodzi. Choncho ngati malo alipo kumapeto kwa mutu, ikani chinthu chimene mudzasakire chaka chamawa: nambala ya LPO, nambala ya galimoto, dzina la boma. Kumapeto, osati koyambirira. Ena amayamba mutu ndi nambala yaitali ya fayilo, n'kudya malo onse a pa foni ndi chinthu chimene abwana sichiwauza kanthu.

Ndisakunamizeni kuti mutu wabwino umachiza zonse. Pali masiku amene abwana ali kumudzi kopanda netiweki, pali masiku amene auona mutu, aumvetsa, koma sakufuna kuyankha chifukwa ndalama kulibe ndipo sanakonzeke kunena. Pali mabwana ena amene imelo satsegula n'komwe, moyo wawo uli pa WhatsApp. Pa nkhani ya matayala ija, ngakhale mutu ukanakhala wabwino, Lolemba lija ndinayenera kuimba foni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ankadziwa za masiku 7 ndinali ine. Masiku ano ndikaona kuti theka la nthawi ladutsa popanda yankho, ndimatumiza uthenga waufupi pa WhatsApp, ndipo ndimakopera mutu wa imelo uja liwu ndi liwu, kuti akausaka aupeze. Chilolezo chenichenicho ndimapempha kuti chibwere pa imelo, chifukwa cha odita aja. Ngati ndikukumbutsa pa imelo pomwepo, sindilemba "Reminder" yekha. Ndimasiya mutu wakale n'kuika kutsogolo kwake nthawi imene yatsala.

Pali kayeso kamene ndimachita ndisanakanikize Send. Ndimaphimba thupi la imelo ndi dzanja, n'kuwerenga zilembo 35 zoyambirira za mutu, n'kudzifunsa ngati munthu amene sanagone bwino, amene ali pa mzere wa chakudya ku hotela ya ku Mangochi, angadziwe chochita ndi tsiku lake. Poyamba ndinkachita kuwerenga zilembozo ndi nsonga ya cholembera pa galasi. Pano diso linazolowera.

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wophunzira ntchito mu dipatimenti yathu. Sabata yake yoyamba ananditumizira imelo ya mutu woti "Good morning sir". Ndinaitsegula Lachinayi, patapita masiku awiri, n'kupeza kuti ankandiuza kuti mapepala a galimoto imodzi akutha Lachisanu. Ndinamuitana, ndinatulutsa foni yanga m'thumba, n'kumuuza kuti azungulire tebulo apeze imelo yake.